Kuthetsa kunjanja kwa batani: m'pulogalamu kapena ndi zipangizo?

Munthu amene walumikiza batani ku maikolokontolola n'kulemba pulogalamu yoti kudina kumodzi kuyatse kababu ka LED ndipo kudina kwachiwiri kukazimitse, sachedwa kuona kuti kababuko kamachita zosiyana ndi zimene chala chake chikulamula. Nthawi zina kamayaka bwinobwino, nthawi zina kamangophethira n'kukhalabe kozima, ndipo nthawi zina kamasintha pamene munthuyo akuchotsa chala m'malo mosintha pamene akudina. Ambiri amayamba kukayikira mawaya kapena chipu chenicheni, koma vuto limakhala m'kati mwa batani. Mmenemo muli tizitsulo tiwiri timene timagundana munthu akadina, ndipo popeza kamodzi mwa ito n'kopyapyala komanso kofwamphuka ngati sipuling'i, sikakhazikika pa kanzake nthawi yomweyo: kamagunda, kamanjanja, kamagundanso, mpaka mphamvu yake itatha. Nthawi iliyonse imene tizitsuloto talekana, njira ya magetsi imaduka, ndipo chipu chimaona ngati munthu wachotsa chala n'kudinanso.

Kunjanjaku n'kwa kanthawi kochepa kwambiri. Opanga mabatani ang'onoang'ono oika pa bolodi kawirikawiri amalemba m'mapepala awo kuti sikupitirira mamilisekondi 5 kapena 10, ngakhale kuti batani lakale, lakuda kapena lalikulu likhoza kupitirira pamenepo. Chala sichingamve zimenezi ndipo mita wamba yoyezera magetsi singazione, koma kwa chipu monga ATmega328P choyenda pa 16 MHz ndi nthawi yaitali. Wotchi ya chipuchi imagunda kamodzi pa 62.5 ns, ndipo kamzere kozungulira ka malangizo awiri kodikira kuti pini isinthe kamatenga kugunda kutatu kokha, kutanthauza kuti m'mamilisekondi 5 chipu chimatha kuwerenga piniyo maulendo oposa 26,000. Kukula kwa vutoli kwagona pamenepa, ndipo n'chifukwa chake kababu kamaoneka ngati sikanamve: ngati kunjanja kwabala kusintha kuwiri kapena kunayi, kamabwerera pamene kanali, ndipo ngati kwabala kutatu kapena kusanu, munthu amaganiza kuti zonse zili bwino pamene wangochita mwayi.

M'nkhani yonseyi ndikutenga batani limodzi lolumikizidwa pakati pa pini `PD2` ndi `GND`, pa magetsi a 5 V, ndipo pini imakokedwera m'mwamba ndi rezisita kotero kuti imawerenga 1 batani likakhala losadinidwa ndi 0 likadinidwa. Funso limene tikufuna kuliyankha ndi lakuti kunjanja kuthetsedwere kuti: kunja kwa chipu, kusanafike pa pini, kapena m'kati mwa pulogalamu, kutafika kale.

Kapasita ndi marezisita awiri

Njira yodziwika kwambiri ya zipangizo ndi yogwiritsa ntchito kapasita, imene khalidwe lake ndi lakuti voteji yake singalumphe mwadzidzidzi. Malumikizidwe abwino amafuna marezisita awiri. Yoyamba, R1, imachoka pa 5 V kupita pamwamba pa batani. Yachiwiri, R2, imachoka pamalo omwewo kupita ku pini. Ndipo kapasita imakhala pakati pa pini ndi `GND`. Batani likadinidwa kapasita imakhuthula magetsi ake kudzera mu R2 yokha, ndipo likasiyidwa imadzazidwa kudzera mu R1 ndi R2 pamodzi. Tizitsulo tikalekana kwa kachigawo ka milisekondi, voteji ya pa pini imangokwera pang'ono kwambiri kenako n'kupitiriza kutsika, choncho chipu sichiona kulumpha kulikonse.

Tiyeni tiike manambala kuti tione zimene zimachitikadi. Titenge R1 ya 10 kΩ, R2 ya 10 kΩ ndi kapasita ya 1 µF. Pa ATmega328P yoyenda pa 5 V, wopanga amalonjeza kuti pini iwerenga 0 voteji ikatsika kufika pa 1.5 V, ndiponso kuti iwerenga 1 ikakwera kufika pa 3.0 V. Potsika, nthawi yake imapezeka motere:

```
t = R2 × C × ln(5 / 1.5) = 10 ms × 1.20 = 12 ms
```

Pokwera, marezisita onse awiri amawerengedwa:

```
t = (R1 + R2) × C × ln(5 / (5 − 3)) = 20 ms × 0.92 = 18 ms
```

Nthawi zonse ziwirizi zikuposa kunjanja kwa batani labwino, ndipo n'zazifupi moti munthu sangamve kuchedwa. M'zochitika zenizeni pini imasintha isanafike pa malire olonjezedwawa, choncho manambalawa ndi a kuchedwa kwakukulu, ndipo amene akufuna mpata wokwanira sayenera kuwachepetsa kwambiri. Apa ndi pamene kapasita ya 100 nF, imene anthu ambiri amangoika chifukwa ndi imene ili pafupi, imakhumudwitsa: pa marezisita omwewa imapereka nthawi yochepa kakhumi, pafupifupi milisekondi imodzi kapena ziwiri, imene imameza kunjanja kwakung'ono koma n'kulola kwakukulu kudutsa. Vutolo limachepa popanda kutha, ndipo limeneli ndi lovuta kulipeza kuposa vuto loonekera tsiku ndi tsiku.

Pali zolakwika ziwiri zimene ndikufuna kuti owerenga azisamale nazo. Choyamba ndi kuika kapasita mwachindunji pa miyendo iwiri ya batani popanda R2. Zikatero, nthawi iliyonse munthu akadina, magetsi onse a mu kapasita amakhuthukira pa tizitsulo tija kamodzin'kamodzi popanda chowachepetsa, zimene zimafupikitsa moyo wa batani, komanso kutsika kwa voteji kumakhala kwadzidzidzi moti kapasitayo imangothandiza mbali ya kukwera. Chachiwiri n'chobisika kwambiri, ndipo ine ndinatayapo masana athunthu ndisanachizindikire. ATmega328P ili ndi rezisita yakeyake ya m'kati yokokera pini m'mwamba, ya pakati pa 20 kΩ ndi 50 kΩ, ndipo ngati pulogalamu yaiyatsa pamene kunja kuli R2 ya 10 kΩ, marezisita awiriwo amagawana voteji. Batani likadinidwa pini sitsikanso kufika pa 0 V. Ngati ya m'katiyo ili 50 kΩ imaima pa 0.83 V, zimene zilibe vuto, koma ngati ili 20 kΩ imaima pa 1.67 V, pamwamba pa malire a 1.5 V aja. Bolodi limodzi likhoza kugwira ntchito bwino pamene lina lopangidwa mofanana likuvuta. Mwamwayi, cholakwika chimenechi chimaoneka ndi mita wamba: dinani batani, ligwireni, yezani voteji pa pini, ndipo mukapeza kuti ili kutali ndi ziro, zimitsani rezisita ya m'katiyo.

Voteji yokwera pang'onopang'ono ili ndi vuto lakenso. Geti wamba la lojiki lili ndi malire amodzi, ndipo voteji ikamadutsa pa malirewo mwaulesi, kaphokoso kochepa ka magetsi kamakwanira kulitembenuza uku ndi uku kangapo, ndiye kuti kunjanja kumene tinakuthamangitsa kwalowera khomo lina. Mankhwala ake ndi geti la Schmitt, monga la m'chipu cha 74HC14, limene lili ndi malire awiri, okwerera ndi otsikira, otalikirana moti likangosintha silibwerera chifukwa cha kugwedezeka kwakung'ono. Mapini a ATmega328P ali kale ndi khalidwe limeneli m'kati mwake, choncho kapasita ikhoza kulumikizidwa kwa iwo mwachindunji. Koma amene akutumiza voteji yotereyi ku chipu chowerengera kapena ku geti wamba ayenera kuika 74HC14 pakati, n'kukumbukira kuti chipuchi chimatembenuza, 1 n'kukhala 0.

Batani la miyendo itatu ndi machipu apadera

Njira yoyera kuposa zonse m'zipangizo siidalira nthawi n'komwe. Imafuna swichi ya miyendo itatu, imene kachitsulo kake ka pakati kamachoka pa mwendo umodzi kupita pa wina, ndi mageti awiri a NAND a m'chipu cha 74HC00 olumikizidwa mopingasana kuti akhale chokumbukira. Kachitsulo kakangokhudza mwendo watsopano koyamba, chokumbukiracho chimatembenuka, ndipo sichingabwerere pokhapokha kachitsuloko katakhudzanso mwendo wakale. Ponjanja kamangodzuka pang'ono osafika kumeneko, motero kunjanja konse kumapita pachabe. Palibe kuchedwa, palibe kuwerengera kapasita. Chovuta chake n'chakuti mabatani ang'onoang'ono ambiri ndi a njira imodzi yokha, ngakhale aja a miyendo inayi, chifukwa miyendoyo ndi yolumikizana iwiriiwiri m'kati. Aliponso machipu opangidwira ntchito imeneyi yokha, monga MAX6816 ya batani limodzi ndi MC14490 ya mabatani 6, amene amadikira kuti pini ikhazikike kwa kanthawi asanasinthe zotuluka zawo. Amagwira ntchito bwino, koma zimene amachita ndi zomwezo zimene pulogalamu ili m'munsiyi imachita ndi malangizo ochepa.

M'pulogalamu: njira ziwiri zofulumira ndi zofooka zake

Njira imene pafupifupi aliyense amayamba nayo ndi yoti pulogalamu ikaona 0 idikire mamilisekondi 20, iwerengenso, ndipo ikapezanso 0 ivomereze kuti batani ladinidwa. Pa bolodi la pa tebulo imagwira ntchito, koma chigamulo chake chimaima pa kuwerenga kuwiri kokha, ndipo olemba ambiri amaiwala kuti batani limanjanjanso polisiya. Chizindikiro cha kuiwala kumeneku n'chosasokoneza: kababu kamasintha bwino podina, kenako nthawi zina kamasinthanso chala chikamachoka. Njira yachiwiri ndi yovomereza 0 woyamba nthawi yomweyo, kenako n'kutseka makutu kwa mamilisekondi 20 kapena 30. Ubwino wake ndi wakuti palibe kuchedwa, ndipo m'zipangizo zamasewera zimenezi zimafunika. Kuipa kwake n'kwakuti phokoso lililonse la magetsi limene lagwetsa pini kwa kamphindi limatengedwa ngati kudina.

Ena amathawira ku intarapiti, imene imaimitsa ntchito ya chipu kuti chithamangire kukachita malangizo apadera pini ikasintha, poganiza kuti popeza `PD2` ndi pini ya `INT0`, chipu chikhoza kungodziwitsidwa batani likadinidwa. Maganizo anga ndi akuti pa batani lopanda kapasita imeneyi ndi njira yoipa kuposa zonse, chifukwa intarapiti inapangidwa kuti isaphonye kusintha ngakhale kumodzi, pamene ife tikufuna kuphonya kusintha kochuluka mwadala. Ngakhale mutayesa kudikira m'kati mwa intarapiti, mbendera yake, biti yosonyeza kuti pini yasintha, imadzukanso ndi kunjanja kumene kukuchitika pa nthawi yodikirayo, ndipo mukangotuluka chipu chimalowanso, pokhapokha mutaifufuta mbenderayo ndi dzanja.

Kusuzumira pini pa nthawi yoikika, m'chinenero cha asembuli

Njira imene ndimaidalira ndi yoti pulogalamu izisuzumira pini pa mpata wofanana, kamodzi pa mamilisekondi 2, n'kumasunga zimene yaona maulendo 8 omaliza. Malo osungiramo alipo kale, chifukwa timabokosi ta m'kati mwa chipu tosungira manambala, monga `r16`, timatenga mabiti 8. Ulendo uliwonse mabiti onse amakankhidwira kumanzere malo amodzi, biti yakale kwambiri imagwa, ndipo ya tsopano imalowa kumanja. Ngati m'kabokosi muli `0x00`, pini yakhala pansi maulendo 8 otsatizana. Ngati muli `0xFF`, yakhala pamwamba maulendo 8. Nambala ina iliyonse ikutanthauza kuti zinthu sizinakhazikike ndipo pulogalamu siyenera kugamula kanthu. Kabokosi kachiwiri, `r17`, kamakumbukira chigamulo chomaliza: 0 ngati batani ndi losiyidwa, 1 ngati ndi lodinidwa.

Poyamba timakonza mapini. Pano palibe kapasita kapena rezisita ya kunja, choncho rezisita ya m'kati ija tikuiyatsa, ndipo kababu kali pa `PB5`.

```asm
    cbi  DDRD, 2      ; PD2 ndi yolowera
    sbi  PORTD, 2     ; yatsa rezisita ya m'kati
    sbi  DDRB, 5      ; PB5 ndi yotulukira
    ldi  r16, 0xFF    ; mbiri: losadinidwa
    clr  r17          ; chigamulo: losiyidwa
    rjmp bwereza      ; lumpha dikira
```

Kudikira kwa mamilisekondi 2 pa 16 MHz ndi kugunda kwa wotchi 32,000. Lamulo la `sbiw` limatenga kugunda kuwiri ndipo `brne` ikalumpha imatenganso kuwiri, choncho kuzungulira kumodzi ndi kugunda kunayi ndipo tikufuna maulendo 8,000.

```asm
dikira:
    ldi  r24, low(8000)
    ldi  r25, high(8000)
d1: sbiw r24, 1
    brne d1
    ret
```

Mtima wa pulogalamu ndi uwu:

```asm
bwereza:
    rcall dikira
    lsl   r16          ; kankhira mbiri kumanzere
    sbic  PIND, 2      ; lumpha ngati pini ndi 0
    ori   r16, 1
    cpi   r16, 0x00
    breq  pansi
    cpi   r16, 0xFF
    brne  bwereza
    clr   r17          ; lasiyidwa ndithu
    rjmp  bwereza
pansi:
    tst   r17
    brne  bwereza      ; tinawerenga kale
    ldi   r17, 1
    sbi   PINB, 5      ; tembenuza kababu
    rjmp  bwereza
```

Mizere itatu ya `lsl`, `sbic` ndi `ori` ndi imene imalemba mbiri. Lamulo la `lsl` limasiya 0 kumanja. `sbic` imayang'ana biti 2 ya `PIND` n'kulumpha lamulo lotsatira ngati bitiyo ndi 0, choncho `ori` imangoikapo 1 pamene pini ili pamwamba. Cholakwika chofala pa mzere umenewu ndi kulemba `PORTD` m'malo mwa `PIND`. Pulogalamu yotero imawerenga 1 amene inalemba yokha poyatsa rezisita, ndipo batani limaoneka ngati lakufa ngakhale mita ikusonyeza kuti voteji ikutsika. Mzere wa `sbi PINB, 5` ungadabwitse, popeza `PINB` ndi yowerengera, koma pa ATmega328P kulemba 1 pamenepo kumatembenuza pini. Machipu akale monga ATmega8 alibe khalidwe limeneli, ndipo amafunanso kuti mukonze nokha cholozera cha sitaki musanagwiritse ntchito `rcall`.

Tsopano titsatire kudina kumodzi kuti tione mmene mbiri imayendera. Tinene kuti munthu wadina, ulendo woyamba pulogalamu yapeza 0, wachiwiri yapeza kachitsulo kali m'malere n'kuwerenga 1, ndipo kuyambira wachitatu batani lakhazikika pansi. Kabokosi kamene kanali ndi `0xFF` kamakhala `0xFE`, kenako `0xFD` chifukwa cha 1 uja, ndipo pambuyo pake `0xFA`, `0xF4`, `0xE8`, `0xD0`, `0xA0`, `0x40`, `0x80`, mpaka `0x00` pa ulendo wa 10. Tingaone mmene 1 wosokera uja akuyendera kumanzere malo amodziamodzi mpaka kugwa, ndipo nthawi yonse imene ali m'kati pulogalamu imangobwerera ku `bwereza` osachita kanthu. Pa ulendo wa 10, patapita mamilisekondi pafupifupi 20, pulogalamu imafika pa `pansi`, imapeza `r17` ili 0, imaikamo 1 n'kutembenuza kababu. Maulendo onse otsatira mbiri imakhalabe `0x00`, koma popeza `r17` ili 1, kababu sikakhudzidwanso ngakhale munthu atagwira batani kwa ola lathunthu.

Wina angafunse chifukwa chosungira `r17`, pamene tikanangodikira nambala `0x80`, imene imatanthauza 1 mmodzi wotsatiridwa ndi maziro 7 ndipo imaoneka kamodzi kokha pa kudina kulikonse. Njira imeneyo ndi yaifupi ndipo imapezeka m'mapulogalamu ambiri, koma ili ndi bowo. Munthu akagwira batani n'kutembenuza chala pang'ono, kachitsulo kakhoza kudzuka kwa kamphindi. Pulogalamu ikawerenga 1 mmodzi yekha pa nthawi imeneyo, pakapita maulendo 7 mbiri idzakhala `0x80` ndipo kudina kwabodza kudzawerengedwa. Pulogalamu yathu singanamizidwe motero, chifukwa `r17` imafufutidwa pokhapokha pini itakhala pamwamba maulendo 8 otsatizana. Mzere umodzimodziwo ndi umene umameza kunjanja kwa posiya batani. Malangizo owonjezera ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene amateteza, ndipo sindiona chifukwa chowasiyira.

Mpata wa mamilisekondi 2 sunasankhidwe mwachisawawa. Kuchokera pa kuwerenga koyamba kufika pa kwachisanu n'chitatu pamapita mamilisekondi 14, nthawi yoposa kunjanja kwa batani labwino ndi malo otsala. Mukaufupikitsa kufika pa kachigawo ka milisekondi, maulendo 8 onse akhoza kugwera m'kati mwa kunjanja kumodzi ndipo chitetezo chimatha. Mukautalikitsa kufika pa mamilisekondi 10, batani liyenera kugwiridwa mamilisekondi oposa 70 lisanamveke, ndipo kudina kwachangu kumayamba kutayika. Pali msampha wina wokhudza wotchi. ATmega328P yatsopano imachoka kufakitale ikuyenda pa 1 MHz, chifukwa wotchi yake ya m'kati ya 8 MHz imagawidwa ndi 8 kudzera mu fyuzi ya `CKDIV8`. Pa chipu chotere `dikira` imatenga mamilisekondi 32 m'malo mwa 2, ndipo munthu ayenera kugwira batani pafupifupi kotala ya sekondi. Mukaona kuti pulogalamu ikumva kudina kwautali kokha, yang'anani wotchi musanakhudze china chilichonse.

Chofooka chenicheni cha chitsanzochi ndi `dikira`, imene imadya pafupifupi nthawi yonse ya chipu pongowerenga manambala. Ndaisunga chifukwa ndi yosavuta kuitsatira, koma m'chipangizo chokhala ndi ntchito zina mpata uyenera kuchokera ku taima. Timer0 ikaikidwa mu CTC, kutanthauza kuti imawerenga mpaka nambala yoikika n'kuyambiranso pa ziro, ndi chogawira cha 256 ndi `OCR0A` ya 124, imadzutsa mbendera ya `OCF0A` maulendo 500 pa sekondi, amene ndi mamilisekondi 2 omwe aja. Pulogalamu yaikulu imangoyang'ana mbenderayo mu `TIFR0` ikamadutsa, ndipo ikaipeza yadzuka imaifufuta polembapo 1, n'kuchita mizere ya mbiri ija, imene imatenga kugunda kwa wotchi kochepera 20 mwa 32,000. Malangizo a mbiri sasintha ngakhale limodzi.

Kusankha

Ngati batani likuwerengedwa ndi maikolokontolola, ndimasankha pulogalamu pafupifupi nthawi zonse, ndipo chifukwa chachikulu si kupulumutsa zipangizo zitatu pa batani lililonse, ngakhale kuti pa bolodi la mabatani 12 zimenezo ndi zipangizo 36. Chifukwa chake ndi chakuti nthawi ya m'pulogalamu ndi yodziwika ndipo imasinthika. Kapasita imasiyana ndi nambala yolembedwa pa iyo ndi magawo 10 kapena 20 pa 100, malire a pini amasiyana chipu ndi chipu, ndipo batani likakalamba n'kuyamba kunjanja nthawi yaitali, wodalira kapasita ayenera kusungunula mtovu pamene wodalira pulogalamu amangosintha 8000 kukhala 12000. Pa kiyibodi ya mabatani olukidwa m'mizere ndi m'mipanda, imene chipu chimaisanthula mzere umodziumodzi mofulumira, kapasita yaikulu imasokoneza kusanthulako, ndipo pulogalamu ndiyo njira yokhayo yanzeru.

Zipangizo zimapambana pamene palibe pulogalamu pakati pa batani ndi chimene likuyendetsa. Batani lopereka wotchi ku chipu chowerengera monga CD4017 liyenera kuyeretsedwa lisanafike, apo ayi kudina kumodzi kudzalumphitsa malo atatu kapena anayi, ndipo apa kapasita ndi 74HC14, kapena mageti awiri a NAND, ndiwo yankho. N'chimodzimodzinso ngati pulogalamu ndi ya ena ndipo simungaisinthe, kapena ngati pini ikulowa mwachindunji mu taima yowerenga kusintha kwa voteji. Chipangizo cha batire chimene chimagona nthawi yambiri chili pakati: intarapiti ikhoza kudzutsa chipu, kenako n'kuzimitsidwa, ndipo kusuzumira kwa mamilisekondi 2 n'kutsimikiza ngati kunalidi kudina chipu chisanagonenso.

Batani likakhala kumapeto kwa waya wautali wodutsa pafupi ndi mota kapena rile, ndimagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri, koma pa ntchito zosiyana. Waya wotere umatola phokoso la magetsi, ndipo rezisita ya m'kati ya 20 kΩ mpaka 50 kΩ ndi yofooka kuti igwire pini zolimba. Pamenepo ndimaika rezisita ya kunja ya 4.7 kΩ yokokera m'mwamba, ina ya 1 kΩ pa njira yolowera ku pini, ndi kapasita ya 10 nF kapena 100 nF pafupi ndi chipu. Zimenezi sizithetsa kunjanja ndipo sindiziikira zimenezo. Ntchito yake ndi kumeza timiphezi tatifupi ndi kuteteza pini, pamene kunjanja kumasiyidwira mbiri ya mu `r16`.

Njira iliyonse imene mwasankha, iyeseni pa batani lenileni limene lidzagwiritsidwe ntchito. Ngati muli ndi osiloskopu, ikani kuti igwire chithunzi chimodzi voteji ikamatsika, pa milisekondi imodzi pa kagawo, ndipo dinani maulendo makumi angapo, mofewa ndi mwamphamvu, pakati ndi m'mphepete mwa batani, chifukwa kunjanja kwakutali kumabwera mwa apo ndi apo. Kenako sinthani kuti igwire pokwera n'kuonanso posiya. Ngati mulibe, kababu kamodzi sikokwanira, popeza kusintha kutatu kumaoneka ngati kumodzi. Ikani `inc r18` ndi `out PORTB, r18` m'malo mwa mzere wotembenuza kababu, mutafufuta `r18` poyamba ndi kusandutsa `PB0` mpaka `PB5` kukhala zotulukira, lumikizani timababu 6, ndipo dinani maulendo 50 mukuwerenga pamtima. Timababu tiyenera kusonyeza 110010. Nambala yoposa pamenepo ikutanthauza kuti kunjanja kukudutsabe ndipo mpata uyenera kutalikitsidwa, pamene yochepera ikutanthauza kuti mpata watalika kwambiri moti kudina kwina kwachangu kukutayika.